Wotchi, choko ndi mamita 800: kukonza maintavo pa msewu wopanda zitunda

Mukalawira m'mamawa n'kukaima m'mbali mwa msewu wa tala, muwaona anyamata atatu kapena anayi, nthawi zina ndi mtsikana mmodzi, akuthamanga limodzi mwakachetechete. Kenaka mmodzi amaloza kutsogolo n'kunena kuti, "Amwene, mpaka pa mtengo uwo!" Onse amaliyatsa liwiro la mtondo wadooka. Akafika pa mtengopo amagwira m'mawondo, ali wefuwefu, ndipo mpweya usanabwerere bwino wina amalozanso mtengo wina. Ulendo wachiwiri umakhala wochedwerako, wachitatu miyendo imayamba kulemera, wachinayi amangodzikoka. Amabwerera kunyumba atatopa kwambiri, ndipo kutopako amakuyesa umboni woti ntchito yagwirika.

Ndimawalemekeza achinyamata amenewa chifukwa khama ali nalo. Chimene chimandimvetsa chisoni n'choti pakatha miyezi itatu nthawi yawo pa makilomita 5 imakhala ili pomwepo, kapena mmodzi amakhala atasiya chifukwa cha ululu wa m'misongolo. Kuthamanga kodukizadukiza kotereku makochi amakutcha maintavo, koma a anyamatawa ndi osakonza. Maintavo okonzedwa bwino amayankha mafunso anayi munthu asanamange zingwe za nsapato: ndithamanga mtunda wotani, pa liwiro lanji, kangati, ndipo ndipuma nthawi yaitali bwanji. Pa mafunso anayiwa, lomalizalo ndi limene anthu amalinyoza, chonsecho ndi limene limasankha kuti thupi liphunzira chiyani tsiku limenelo.

Injini ndi kamwedwe ka mafuta

Aliyense amene anakwerapo minibasi amadziwa kuti galimoto ziwiri zikhoza kukhala ndi injini zofanana koma ina n'kumamwa mafuta kwambiri kuposa inzake. Wothamanga nayenso ali choncho. Injini yake ndi kuchuluka kwa okosijeni amene mtima, mapapo, magazi ndi minofu zingathe kutenga n'kugwiritsa ntchito pa mphindi imodzi akamathamanga mwamphamvu zake zonse. M'mabuku a zamasewera muyeso umenewu amaulemba kuti VO2max. Kamwedwe kake ka mafuta ndi kuchuluka kwa okosijeni amene amawononga kuti adutse kilomita imodzi pa liwiro lina lake. Anthu awiri akhoza kuthamanga phewa ndi phewa, wina akupuma mofatsa, winayo akuwononga mpweya ngati mbaula yobooka. Wosawonongayo ndi amene amatsala ndi mphamvu pa kilomita yomaliza.

Umboni wabwino wa zimenezi ndi Paula Radcliffe wa ku Britain. Katswiri wina wa sayansi ya zamasewera, Andrew Jones, ankamuyeza kuyambira mu 1992, mtsikanayo ali ndi zaka 18, mpaka mu 2003, chaka chimene anathamanga marathoni ya ku London mu 2:15:25. Pa zaka zonsezo injini yake sinakule kwenikweni. Chimene chinasintha ndi kamwedwe ka mafuta: pa liwiro la makilomita 16 pa ola, okosijeni amene ankafuna anatsika ndi pafupifupi 15 peresenti. Ndatchula zakazo dala. Kusawononga mpweya kumabwera pang'onopang'ono, ndipo maintavo ndi chimodzi chabe mwa zinthu zimene zimakubweretsa; makilomita ambiri othamanga mofatsa ndiponso kulimbitsa miyendo zimathandizanso. Koma mbali ya maintavo ndi imene munthu angaikonze ndi wotchi ndi choko sabata ino.

Chimene chimachitika m'thupi n'chosavuta kumva. Mtsempha waukulu wa kuchidendene ndi minofu ya kukatumba zimagwira ntchito ngati legeni: phazi likagunda pansi zimatamuka n'kusunga mphamvu, likamanyamuka zimabweza mphamvuyo. Munthu akamabwereza kuthamanga mwaliwiro ali womasuka, ubongo umaphunzira kuyatsa minofu yoyenera pa nthawi yoyenera n'kusiya yosafunika kuti ipume. Phazi silikhalitsa pansi, thupi silidumphadumpha m'mwamba, mapewa sauma. Koma thupi limaphunzira chimene mukulibwerezera. Mukabwereza kuthamanga mutatopa, nsagwada zolumana, manja akupalasa mphepo, limaphunziranso zomwezo. Apa ndi pamene mpumulo umalowera.

Anthu amene anayambitsa maintavo ankalidziwa bwino zimenezi. M'zaka za m'ma 1930 ku Germany, kochi Woldemar Gerschler, amene anadzagwira ntchito ndi dokotala wa mtima Herbert Reindell, ankathamangitsa anthu ake mitunda yaifupi mpaka mtima uzigunda pafupifupi ka 180 pa mphindi, kenaka ankadikira kuti utsike kufika pa 120 asanawatumizenso. Mtima ukakana kutsika pa masekondi 90, ankadziwa kuti liwiro lakula kapena ntchito ya tsikulo yakwana. Dzina lenilenilo la intavo linkanena za mpata wopumirawo. Mmodzi mwa anthu ake, Rudolf Harbig, anathamanga mamita 800 mu 1:46.6 mu 1939, nthawi imene inatenga zaka 16 kuti wina aiphwanye.

Yambani ndi msewu

Tiyeni titenge munthu mmodzi kuti tiyende naye mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti ndi mayi wa zaka za m'ma 30 amene wakhala akuthamanga mofatsa kwa chaka, kanayi kapena kasanu pa sabata, makilomita 40 onse pamodzi. Bwalo lokhala ndi mizere yothamangiramo lili kutali ndi kwawo, koma pafupi pali msewu wowongoka wopanda zitunda. Ngati inu simunafike potha kuthamanga mphindi 30 mpaka 40 osaima, kwa miyezi iwiri kapena itatu yotsatizana, sungani nkhaniyi kaye. Maintavo pa miyendo yosakhwima ndiwo amabala ululu wa m'misongolo uja.

Msewu wathyathyathya timaufuna chifukwa wotchi imanena zoona pokhapokha ngati nthaka sikusintha. Kachitunda kakang'ono, kosaoneka ndi maso, kamatha kuwonjezera masekondi angapo popita n'kuwabweza pobwerera, munthu n'kumadziimba mlandu pachabe. Njira yoyesera ndi njinga: ikwereni pa msewupo, musiye kupalasa. Ikamangoyenda yokha mbali imodzi koma mbali inayo n'kuima msanga, pamenepo pali chitsetso. Ngakhale akatswiri amasamala zimenezi. Eliud Kipchoge atathamanga mtunda wa marathoni mu 1:59:40 ku Vienna mu Okutobala 2019, anamusankhira msewu wowongoka, wopanda zitunda, wokhala ndi mitengo mbali zonse yotchinga mphepo.

Njinga yomweyo ndiyo tepi yanu. Mangani kansalu pa sipoko imodzi, lembani mzere pansi pamene kansaluko kaloza, kankhani njingayo mowongoka mpaka tayala litazungulira kamodzi, n'kuyeza mtundawo ndi tepi ya mmisiri. Tayala la njinga yaikulu, ngati za kabaza, limapereka pafupifupi mamita 2.2, kutanthauza kuti mamita 200 ndi maulendo 91 a tayalalo. Yezani lanu, chifukwa matayala amasiyana ndipo lofewa limayeza mosiyana ndi lopopa bwino. Ikani chizindikiro cha choko kapena mwala woyera poyambira, pa mamita 100, 200, 400, 600 ndi 800. Foni imene imayeza mtunda ndi yabwino pa maulendo aatali, koma pa mamita 200 imatha kulakwitsa ndi mamita angapo, ndipo mamita 8 okha pa liwiro la mayi wathuyu ndi masekondi 2.

Pali chinthu china chimene anthu ambiri sachiona. Misewu ya tala imamangidwa yotukuka pakati kuti madzi a mvula azitsikira m'mbali. Ife kuno galimoto zimayenda kumanzere, choncho woyenda pansi amakhala kumanja kuti aziyang'anizana nazo. Kumanjako msewu umapendekera kumanja, ndiye mwendo wamanja umaponda pansi pang'ono kuposa wamanzere. Mukatembenuka n'kuwoloka kuti muyang'anizanenso ndi galimoto, mwendo womwewo ndi umene umakhalabe kumunsi. Masabata akamapita, bondo kapena chiuno chimayamba kudandaula. Musathetse vutoli pothamanga galimoto zikukubwererani kumsana. Funani chigawo chimene m'mbali mwake ndi mosapendekera, kapena msewu wa dothi wolimba wopanda magalimoto, ngati uja wozungulira bwalo la sukulu.

Liwiro lichokere pa nthawi yanu

Mayi wathu asanachite maintavo oyamba, akufunika nambala imodzi. Tsiku lina m'mawa, atapuma dzulo lake, athamange makilomita 5 mwamphamvu monga pa mpikisano. Tinene kuti wotchi yaima pa mphindi 25. Ndiye kuti kilomita iliyonse ikumutengera mphindi 5, ndipo mamita 400 akumutengera mphindi 2. Maliwiro onse a masabata 6 akubwerawa achokera pa nambala imeneyi, osati pa nthawi imene amailakalaka, ndiponso osati pa liwiro la mnzake wa miyendo yaitali.

Pa nambalayi tikonza maintavo a mitundu iwiri, ndipo ndikupemphani kuti muone mmene akusiyanira.

Oyamba ndi aatali, okulitsa injini. Chotsani masekondi 5 pa kilomita ya mayiyu, mupeza 4:55, zimene pa mamita 800 zikupereka 3:56. Athamanga mamita 800 kanayi pa nthawi imeneyo, ndipo pakati pake azithamanga mofatsa kwa mphindi 3. Chifukwa chake n'chakuti thupi silifika pa VO2max nthawi yomweyo munthu akangonyamuka; pamatenga pafupifupi mphindi 2 kuti mtima ndi mpweya zikwere kufika pamwamba. Choncho pa mphindi pafupifupi 4 za ulendo uliwonse, phindu lalikulu lili mu theka lachiwiri. Maulendo anayi akupereka mphindi 8 kapena kuposerapo pang'ono zimene injini ikulira mokwanira. N'chifukwa chake kochi wa ku America, Jack Daniels, ankalangiza kuti maintavo a mtundu uwu azitenga mphindi 3 mpaka 5, ndipo mpumulo wake usapitirire kutalika kwa ulendowo. Mpumulo ukatalika, mtima umatsika kwambiri, ndiye ulendo wotsatira umayambanso kukwera kuchokera pansi. Apa mpumulo timauchepetsa dala.

Achiwiri ndi aafupi, ophunzitsa miyendo liwiro ndi kusawononga mpweya. Chotsani masekondi 12 pa mamita 400 a mayiyu, mupeza 1:48, ndipo mamita 200 ndi masekondi 54. Ili ndi liwiro limene angalisunge atati apikisane pa mamita 1,500. Ndi lachangu, koma si lothawa galu. Athamanga mamita 200 maulendo 8 mpaka 10, ndipo apa mpumulo ndi wautali, kuwirikiza kawiri kapena katatu nthawi imene wathamanga. Ayende kapena athamange mofatsa kubwerera poyambira, mphindi 2 zikwane, mpaka amve kuti angathe kubwereza ulendowo mokongola ngati woyamba uja. Ambiri amachita manyazi ndi mpumulo umenewu, amaona ngati ndi ulesi, makamaka anthu akamadutsa n'kumawayang'ana akuyenda. Akaudula pakati, ntchitoyo imasanduka ina. Miyendo imadzaza moto, mapazi amayamba kumenya pansi mwaphokoso, ndipo phunziro la kuthamanga momasuka limatayika, pamene injininso sinapindule kwenikweni chifukwa maulendowo ndi aafupi. Zimenezi n'zimene zimawachitikira anyamata a pa mtengo aja: mtunda ndi liwiro n'za maintavo aafupi, mpumulo ndi wa aatali, ndiye amatopa kawiri n'kupeza theka.

Nanga n'chifukwa chiyani kanayi, osati ka 8? Daniels yemweyo anapereka malire osavuta kukumbukira. Maintavo aatali asapitirire 8 peresenti ya makilomita a sabata yonse, ndipo aafupi asapitirire 5 peresenti. Kwa munthu wa makilomita 40, 8 peresenti ndi makilomita 3.2, omwe ndi mamita 800 kanayi ndendende. Ndipo 5 peresenti ndi makilomita 2, omwe ndi mamita 200 ka 10. Wothamanga makilomita 25 pa sabata achepetse moyenera: mamita 800 kawiri kapena katatu, mamita 200 ka 6. Mudzamva nkhani za Emil Zátopek, amene anatenga mendulo zitatu za golide ku Helsinki mu 1952 ndipo ankabwereza mamita 400 maulendo makumimakumi pa tsiku. Nkhanizo n'zoona, koma pansi pake panali zaka zambiri za makilomita ochuluka. Ine ndimakonda kukumbukira Roger Bannister, wophunzira za udokotala amene ankabwereza mtunda wa pafupifupi mamita 400 ka 10 pa nthawi yopuma masana, akupuma mphindi 2 pakati pake, mpaka pa 6 Meyi 1954 anakhala woyamba kuthamanga mailo imodzi pansi pa mphindi 4.

Lachiwiri m'mawa, pa mzere woyambira

Tiyeni tione tsiku la mamita 800 mmene liyendere. Mayi wathu amayamba ndi mphindi 15 zothamanga mofatsa mpaka kathukuta katatuluka. Kenaka amathamanga mamita 80 mpaka 100 kanayi, akuwonjezera liwiro pang'onopang'ono, n'kubwerera akuyenda. Uku n'kudzutsa miyendo, ndipo amene amadumpha gawo limeneli ndi amene amakoka mnofu wa kuntchafu pa ulendo woyamba.

Ulendo woyamba ndi umene uli ndi msampha. Miyendo ili yatsopano, 3:56 imaoneka yochedwa. Choko chija n'chothandiza apa: pa mamita 200 wotchi inene masekondi 59, pa 400 inene 1:58. Akafika pa 200 wotchi ikunena 52, abweze moto nthawi yomweyo, asadikire kuti thupi limuuze. Tsiku loyenda bwino kope lake lidzaoneka motere: 3:57, 3:56, 3:56, 3:54. Ulendo wachitatu ndi wolemera, sangathe kulankhula kuposa mawu awiri kapena atatu, koma pomaliza amamva kuti akanakakamizidwa akanatha kuwonjezera umodzi. Tsiku lolakwika kope limanena 3:38, 3:52, 4:06, 4:19. Mukaphatikiza n'kugawa, nthawi zimenezi sizili patali ndi 3:56, ndipo kutopa kwake n'kwakukulu kuposa kwa tsiku labwino lija. Koma ulendo woyamba wawononga otsatira. Awiri omalizawo wathamanga pa liwiro lochepera la mpikisano wake wa makilomita 5, thupi lili lopindika, ndipo mawa lake adzadzuka ngati wamenyedwa.

Lamulo langa ndi ili: ulendo umodzi ukachedwa ndi masekondi oposa 6 kapena 7 popanda chifukwa chooneka, wonjezerani mphindi imodzi ya mpumulo n'kuyesanso. Wotsatirawo ukachedwanso, tsekani wotchi, thamangani mofatsa mphindi 10 kubwerera kunyumba. Palibe chimene mungatole pa ulendo wodzikoka.

Chifukwa chooneka nthawi zambiri ndi mphepo. Msewu wowongoka wopanda zitunda ulibe pobisala, ndipo amene amakhala m'mbali mwa nyanja amadziwa mmene mwera umakankhira pa chifuwa mu Juni ndi Julayi. Mphepo yakutsogolo imalanda zambiri kuposa zimene yakumsana imabweza. Tsiku lotere sinthanitsani: ulendo woyamba ndi wachitatu moyang'anizana nayo, wachiwiri ndi wachinayi ikukukankhani, ndipo yerekezani woyamba ndi wachitatu okha, wachiwiri ndi wachinayi okha. Nthawi ngati 4:03, 3:52, 4:04, 3:51 ndi tsiku labwino. Kutentha nakonso kumaba masekondi. Mu Okutobala ndi Novembala, makamaka m'madera otsika ngati ku Chikwawa, Nsanje ndi Salima, maintavo atheretu dzuwa lisanakwere, ndipo musaumirire nthawi zimene munkapeza m'nyengo yozizira.

Lachisanu: kumvetsera mapazi

Tsiku la mamita 200 ndimalikonda kwambiri, ndipo ndi limene limafuna maso ndi makutu kuposa wotchi. Pa mamita 100 wotchi inene 27, pamapeto 54, basi. Chotsala ndi kudzimvetsera. Phazi ligunde pansi pafupi ndi pansi pa chiuno, osati kutsogolo kutali bondo litawongoka, chifukwa phazi lotambasulidwa choncho limagwira buleki pa sitepe iliyonse. Liwiro lichokere pa kukankha nthaka kumbuyo ndi kusinthanitsa miyendo msanga. Manja apindike, aziyenda kutsogolo ndi kumbuyo osadutsa pakati pa chifuwa, zala zomasuka ngati mwagwira dzira. Maso ayang'ane kutsogolo mamita 20 kapena 30. Tala ndi wabwino pa chinthu chimodzi ichi: amakuuzani zoona. Mapazi akamamveka mopepuka ndi mofanana, zili bwino. Akayamba kumveka phwa, phwa, kapena phazi limodzi likulira kuposa linzake, mwatopa kapena mpumulo wachepa.

Musaganizire zonsezi pa ulendo umodzi. Sankhani chimodzi, mwachitsanzo mapewa pa maulendo awiri oyamba, manja pa awiri otsatira. Ndipo ngati wotchi ikunena 49 kapena 50, musasangalale. Mwasiya kuphunzira, mwayamba kupikisana ndi msewu. Cholinga n'chakuti 54 yemweyo azimveka wopepuka sabata iliyonse.

Nsapato zili ndi mbali yake. Magalamu 100 owonjezera pa nsapato iliyonse amakweza okosijeni wofunika ndi pafupifupi 1 peresenti, choncho nsapato zolemera ngati za mpira wa manja kapena zonyowa ndi mame zimakudyerani mpweya. Koma pogula pa kaunjika musathamangire kupepuka kokha. Tembenuzani nsapatoyo muone pansi pake: ngati yadyeka mbali imodzi kapena mphira wake wauma, pa tala idzakupwetekani.

Masabata 6

Pakati pa Lachiwiri ndi Lachisanu pali masiku awiri othamanga mofatsa kapena kupuma, ndipo mofatsa ndikutanthauza liwiro limene mungacheze ndi mnzanu, kwa mayiyu pafupifupi 6:30 pa kilomita. Maintavo amangopereka uthenga. Thupi limamanga pa masiku ofatsawo ndi ku tulo. Wazaka zopitirira 45, kapena amene ntchito yake ndi yakalavulagaga, achite tsiku limodzi la maintavo pa sabata, kusinthanitsa aatali ndi aafupi.

Sabata yoyamba mayi wathu ayambe pansi pa malire: mamita 800 katatu, mamita 200 ka 8. Yachiwiri afike pa kanayi ndi ka 10. Yachitatu asawonjezere maulendo kapena liwiro. Angodula mpumulo wa Lachiwiri kuchoka pa mphindi 3 kufika pa 2:30, ndipo Lachisanu asakanize mamita 200 kanayi ndi mamita 400 katatu mu 1:48, akupuma mphindi 3 kapena 4 pambuyo pa 400 aliyense. Yachinayi ndi yopepuka: theka la zonsezi. Yachisanu atalikitse ulendo, kilomita imodzi katatu mu 4:55. Yachisanu n'chimodzi achite mamita 200 ka 6 Lachiwiri, apume, Loweruka ayesenso makilomita 5 pa msewu womwe uja ndi ola lomwe lija. Mukaona bwino, tsiku lililonse la maintavo likusintha chinthu chimodzi chokha, ndipo liwiro silikusintha konse mpaka mayesowo atalola.

Tinene kuti wotchi yanena 24:20. Kilomita yake tsopano ndi 4:52, ndiye mamita 800 atsika kufika pa 3:50 ndipo mamita 200 pa 52 kapena 53. Ikanena 25 yomweyo, asasinthe maliwiro. Ayang'ane kaye kope lake ngati masiku ofatsa analidi ofatsa, ndiponso ngati ankagona ndi kudya mokwanira.

Kamwedwe ka mafuta kamayezedwa bwinobwino ndi makina opumiramo, koma pali chizindikiro chimene mungachitsate ndi zala ziwiri. Kamodzi pa masabata awiri, mutatenthetsa thupi, thamangani makilomita 2 pa liwiro limodzi losasintha, tinene 5:45 pa kilomita. Mukangoima gwirani mtsempha wa pa mkono, werengani kugunda kwa masekondi 15, chulukitsani ndi 4, lembani m'kope. Nambalayo ikamatsika pa miyezi, pa liwiro lomwelo, thupi likugwira ntchito yomweyo motchipa. Siisiyanitsa phindu la mtima ndi la miyendo, ndipo kutentha, kusagona ndi ludzu zimaikweza, choncho musaweruze ndi tsiku limodzi.

Nambala yomweyo imachenjezanso. Ikakwera mwadzidzidzi ndi 8 kapena 10, thupi likumva kuphwanya, musachite maintavo tsiku limenelo. Nthawi zina ndi malungo kapena chimfine chikubwera, ndipo kuthamanga mwamphamvu thupi likutentha n'koopsa ku mtima. Ululu wa minofu umene umatha mukatenthetsa thupi si wodetsa nkhawa. Koma ululu wa pa fupa la msongolo umene mungauloze ndi chala chimodzi, womwe ukukula mukamathamanga, kapena mtsempha wa kuchidendene wouma ndi wotupa m'mawa, ukufuna kuti musiye liwiro ndi tala mpaka utaonedwa. Ndipo mukamva kupweteka kapena kuthina pa chifuwa, chizungulire, kapena mtima ukugunda mosalongosoka muli pakati pa ulendo, imani pomwepo, ndipo pitani kuchipatala musanabwererenso pa mzere woyambira.